Timavidiyo titatu totsogolera katundu watsopano: mmene mungamalizire kalikonse kuti munthu abwerenso

Timavidiyo tokopa anthu katundu asanatuluke timagwa kawirikawiri pamalo amodzi, pa masekondi atatu omaliza. Munthu amajambula bwino, amaika nyimbo yabwino, kenako n'kumaliza ndi mawu akuti "Zikubwera posachedwa." Mawu amenewa sapatsa woonera chifukwa chilichonse chobwerera, chifukwa sakumuuza chimene chikubwera, tsiku lake, kapena chimene iyeyo apindulepo. Ntchito yeniyeni ya timavidiyo titatu ndi iyi: kalikonse kasiye funso limodzi lomveka m'mutu mwa woonera, ndipo kotsatira kayankhe funsolo kasanatsegule lina. Funso limene mwasiya lili ngati ngongole. Mukabweza pa tsiku limene munanena, anthu amakukongozaninso nthawi yawo. Mukazemba kamodzi kokha, kachitatu mudzakaonera nokha.

Kuti zinthu zioneke bwinobwino, titsata katundu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti mukutulutsa chikwama chapamsana chosalowa madzi, chokwana laputopu, ndipo malonda atsegulidwa Loweruka nthawi ya 9 koloko m'mawa.

Yambani ndi kavidiyo komaliza

Musanagwire kamera, lembani chiganizo chimodzi chonena zimene mukufuna munthu achite akamaliza kuonera kavidiyo kachitatu. Chikhale chinthu chimodzi chokha: kulembetsa nambala yake kuti akumbutsidwe, kapena kudina linki yogulira. Mukapempha ziwiri, ambiri sachita chilichonse. Pa chikwama chathu, chiganizocho n'chakuti: munthu alembetse kuti alandire linki yogulira ola limodzi malonda asanatsegulidwe kwa aliyense.

Kenako lembani zikaiko zimene wogula ali nazo asanatulutse ndalama. Musazipeke nokha muofesi. Zipezeni m'mafunso amene makasitomala amafunsa ogulitsa anu, ndi m'madandaulo amene anthu amalemba pa katundu wofanana ndi wanu. Pa chikwama chosalowa madzi, zikaiko zikuluzikulu zimakhala ziwiri. Choyamba, kodi madzi salowadi, kapena ndi mawu a malonda chabe? Chachiwiri, chikakalika ndi kukwechesuka chifukwa chogwiritsidwa ntchito, kodi chimatsekabe madzi? Zikaiko ziwirizi ndiye mafunso anu. Choyamba chitseka kavidiyo koyamba, chachiwiri chitseka kavidiyo kachiwiri, ndipo kachitatu katsekedwa ndi chochita chija.

Apa mpamene ambiri amasokera, posankha chobisa. Musabise kuti katunduyo n'chiyani. Munthu amene sakudziwa ngati mukutsatsa chikwama, nsapato kapena inshulansi alibe poimira kuti akhale ndi chidwi, ndipo amangopitirira. Makampani otchuka kwambiri angathe kuonetsa mthunzi wokha wa chinthu anthu n'kumakangana, chifukwa anthuwo anali akudikira kale. Ngati dzina lanu silinafike pamenepo, onetsani poyera kuti ichi ndi chikwama, ndipo mubise zotsatira za mayeso, maonekedwe ake onse, dzina lake ndi mtengo.

Kavidiyo koyamba, Lolemba

Kakhale ka masekondi 15 mpaka 20. Masekondi awiri oyambirira aonetse vuto popanda moni, popanda chizindikiro cha kampani: dzanja likutulutsa buku lonyowa m'chikwama wamba, masamba atamatirirana, inki itayenderera. Pasikirini palembedwe mawu ochepa, monga "Mvula ya mphindi khumi yokha." Chizindikiro cha kampani chikabwera poyamba, munthu amadziwa nthawi yomweyo kuti akutsatsidwa malonda ndipo chala chimakankha chisanaganize.

Kuyambira sekondi yachitatu kufika pa 12, onetsani mayeso akukonzedwa. Pepala loyera likulembedwa deti ndi cholembera cha inki yosachedwa kuyenderera, likulowetsedwa m'chikwama chatsopano, chikwama chikutsekedwa. Kamera ikhale pafupi, izionetsa manja, pakamwa pa chikwama ndi mbali ya nsalu yake, koma osati chikwama chonse. Zonsezi zijambulidwe mosadula kuyambira pamene pepala likulowa mpaka pamene chikwama chikumira. Mukadula pakati, wina adzanena kuti munasinthanitsa zikwama, ndipo adzakhala ndi chifukwa chonenera choncho.

Masekondi omaliza, chikwama chikumizidwa m'beseni lalikulu la madzi, chapanikizidwa ndi chinthu cholemera kuti chisayandame, ndipo wotchi ikuyamba kuwerenga mphindi 30. Dulani pomwepo, wotchi ikuyenda. Pasikirini palembedwe kuti: "Pepala lanyowa kapena louma? Titsegula Lachitatu, 6 koloko madzulo." Mawuwa akhale pasikirini masekondi atatu athunthu, ndipo anenedwenso pakamwa.

Taonani zimene mapeto amenewa ali nazo. Ali ndi funso limene mayankho ake ndi awiri okha, choncho munthu angathe kulosera, ndipo amene walosera amafuna kudziwa ngati walondola. Ali ndi tsiku ndi ola. Komanso ntchito yadulidwa ili mkati, isanathe. Mukamaliza ndi chithunzi choima cha chizindikiro cha kampani nyimbo ikuzirala, thupi la woonera limamva kuti nkhani yatha, ngakhale mawu akunena kuti ipitirira.

Pali chenjezo lofunika pa mayeso ngati awa. Onetsani zokhazo zimene katundu wanu angapirire m'manja mwa wogula. Mulingo wa IPX7 umatanthauza kuti chinthu chingamizidwe m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, pamene IPX4 imangotanthauza kupirira madzi owaza. Ngati chikwama chanu chimangopirira mvula, musachimize. Chithireni madzi ndi shawa kwa nthawi imene mwatchula, ndipo funso likhale lomwelo. Wogula amene waona chikwama chikumizidwa adzachimiza, ndipo chikalowa madzi adzabweza katundu ndi kuuza anzake.

Kavidiyo kachiwiri, Lachitatu

Aka ndiye kovuta kwambiri, ndipo n'komwe kamafuna nthawi yanu yochuluka. Kali ndi ntchito zitatu m'masekondi 25 mpaka 30: kukumbutsa, kuyankha, ndi kufunsa funso lalikulu kuposa loyamba.

Kukumbutsa n'kofunika chifukwa pa TikTok, Instagram Reels ndi YouTube Shorts anthu ambiri sapeza mavidiyo potsata ndondomeko imene munawaikira. Pulogalamuyo imasankha yokha choti ionetse munthu, ndiye ambiri adzakumana ndi kachiwiri asanaonepo koyamba. Mukayamba ndi mawu akuti "Monga tinalonjezera," mwawatsekera kunja anthu onsewo. M'malo mwake, masekondi atatu oyambirira aonetse chikwama chili pansi pa madzi, wotchi ikutha, ndi mawu akuti "Muli pepala. Chakhala m'madzi mphindi 30." Amene anaona koyamba sataya nthawi, ndipo mlendo wamva nkhani yonse.

Yankho libwere msanga, lisanadutse sekondi ya 10. Chikwama chikuvuulidwa, kunja kukupukutidwa ndi thawulo kamera ikuona, chikutsegulidwa, pepala likutuluka louma, deti lija likuwerengeka. Kupukuta kunja si kokongoletsa. Mukatsegula chikwama chikudontha ndi manja onyowa, pepala lidzanyowa ndi madontho a m'zala zanu, ndipo mayeso onse adzaoneka ngati alephera. Musakokere yankho kumapeto pofuna kuti anthu aonere nthawi yaitali. Munthu amene wadikira masiku awiri akaona kuti mukumuzunguzanso, sabweranso Lachisanu.

Mukayankha, patsani woonera chinthu chimodzi chatsopano chimene sanapemphe: chifukwa chake madzi sanalowe. Onetsani pafupi misoko yomatidwa ndi kutentha, yopanda mabowo a singano, ndi pakamwa popindidwa katatu n'kumangidwa ndi chomangira. Masekondi asanu akwana. Apa mpamene malonda enieni akuchitikira, chifukwa munthu wachoka pa kudabwa n'kufika pa kumvetsa.

Tsopano funso lachiwiri. Liyenera kukula kuposa loyamba, apo ayi mndandanda wonse umatsika mphamvu. Nenani chikaiko cha wogula ndi pakamwa panu: "Chatsopano chilichonse chimatseka madzi. Nanga chikakalika?" Chikwama chomwecho chikukokedwa pamiyala, zokala zikuoneka pafupi. Kenako m'malo mwa pepala mukulowa laputopu yoyaka, sikirini ikuoneka isanatsekedwe. Chikwama chikubwerera m'madzi, wotchi ikuyamba, ndipo mawu akuti "Iyaka? Lachisanu, 6 koloko madzulo" akutseka.

Chimene chakweza funsoli ndi mtengo wa chotayika. Pepala likanyowa palibe amene amalira, koma laputopu aliyense amaimvera chisoni. Anthu ena amatseka kavidiyo kachiwiri ndi funso lakuti "Mukuganiza kuti mtengo wake ndi zingati?" Funsoli ndi lofooka kwa munthu amene sanayambe kuchifuna chinthucho, ndipo lili ndi ngozi ina: ngati ambiri alosera mtengo wotsika, mtengo weniweni udzaoneka wokwera pa tsiku lotsegulira, ngakhale uli woyenera.

Kavidiyo kachitatu, Lachisanu

Kayambe mofanana ndi kachiwiri, masekondi atatu okumbutsa, kenako yankho: laputopu ikutuluka, ikutsegulidwa, ikuyaka. Pambuyo pake onetsani zonse zimene munabisa. Chikwama chonse chioneke kutsogolo, kumbuyo ndi pamsana pa munthu kuti kukula kwake kudziwike. Tchulani dzina lake, mitundu imene ilipo, kukula kwa laputopu imene imalowa, ndi mtengo. Aka kangafike masekondi 35 kapena 40, chifukwa amene wafika pano akufuna zambiri.

Kavidiyo komaliza nakonso kamafuna chifukwa chopitirizira, kungoti ulendo uno munthu sakupita ku vidiyo ina, akupita kukachita chinthu. Mapeto akhale otere: "Malonda atsegulidwa mawa, 9 koloko m'mawa. Olembetsa lero alandira linki 8 koloko." Chifukwa chake n'chomveka, ndipo n'choona. Ngati katundu woyamba ndi wochepadi, tchulani chiwerengero chenicheni. Ngati muli naye wambiri, musanamizire kuti watsala pang'ono, chifukwa anthu akadzaona kuti patha milungu iwiri akadalipo, sadzakhulupiriranso chilichonse chimene munaonetsa m'madzi muja.

Dziwani kumene linki imadinika. Pa Instagram, linki yolembedwa m'mawu a pansi pa vidiyo sidinika. Iyenera kukhala pa tsamba la mbiri yanu kapena pa stika ya linki mu Stories. Pa YouTube Shorts namonso linki za m'mawu ofotokozera vidiyo sizidinika. Choncho nenani pakamwa ndi pasikirini malo enieni amene munthu akaipeze, ndipo muyese nokha pa foni ina musanatulutse kavidiyoko.

Kujambula

Jambulani timavidiyo tonse titatu tsiku limodzi, ndipo timalizidwe kukonzedwa koyamba kasanatuluke. Chifukwa choyamba n'chakuti malo, kuwala, beseni ndi zovala za wojambulidwa ziyenera kufanana, kuti munthu akaona sekondi imodzi yokha azindikire kuti ndi nkhani ija. Chachiwiri n'chakuti simungalonjeze yankho limene simunalione. Chitani mayeso onse awiri kangapo kamera isanayake, pogwiritsa ntchito mapepala ofewa opukutira m'malo mwa laputopu, chifukwa amaonetsa ngakhale kadontho kamodzi. Ngati chikwama chokalika chikulowa madzi, ndi bwino kudziwa zimenezo pa tsiku lojambula, pamene mungasinthe funso lachiwiri kapena kukonza katunduyo.

Jambulani choimirira, pa muyeso wa 9:16, mapikiseli 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, mafulemu 30 pa sekondi, ndipo musunge ngati MP4. Kamera ikhale pa choimikira, makamaka pa zigawo zosadula zija. Madzi amanyezimira, ndiye nyali ikakhala kutsogolo kwa kamera pamwamba pa beseni, mudzangojambula kuwala koyera osaona chikwama. Ikani nyali chakumbali, kapena gwiritsani ntchito beseni loonekera mkati n'kujambula cham'mbali.

Mawu olembedwa pasikirini akhale chapakati. Pamwamba ndi pansi pa sikirini pamakhala mayina, mabatani ndi mawu a pulogalamuyo, ndipo kumanja kumakhala zizindikiro zodina. Siyani gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri pamwamba, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu pansi, popanda mawu ofunika. Cholakwika chofala kwambiri n'choika tsiku la kavidiyo kotsatira pansi penipeni, pamene limaphimbidwa ndi dzina la akaunti. Zikatero, chinthu chokhacho chimene munthu amayenera kukumbukira n'chimene sakuchiona.

Zonse zolankhulidwa zilembedwenso pasikirini, popeza anthu ambiri amaonera atazimitsa mawu. Njira yosavuta yoyesera ndi kupatsa munthu amene sakudziwa za ntchitoyi foni yopanda mawu, aonere kamodzi, kenako mumufunse zinthu ziwiri: funso latsala ndi lotani, ndipo yankho libwera liti? Akalephera chimodzi mwa ziwirizi, konzani mapeto. Pa nyimbo, akaunti ya bizinesi igwiritse ntchito zololedwa pa malonda, monga za mu Commercial Music Library pa TikTok kapena Sound Collection ya Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram. Nyimbo yopanda chilolezo ingachititse kuti vidiyo izimitsidwe mawu kapena ichotsedwe pakati pa sabata yanu yofunika.

Masiku ndi kulumikiza

Mpata wa masiku awiri pakati pa timavidiyo ndi wabwino pa katundu wamba. Tsiku limodzi limachepa kuti koyamba kafalikire, ndipo sabata yathunthu imapatsa anthu nthawi yoiwala. Ola likhale lomwelo nthawi zonse, ndipo mukonzeretu kuti kavidiyo kadzatuluke kokha pa nthawiyo, m'malo modalira kuti wina adzakumbukira. Ngati omvera anu ali m'mayiko osiyana nthawi, tchulani kuti olalo ndi la kuti.

Pa chikuto cha kalikonse lembani 1/3, 2/3 ndi 3/3 pamalo amodzimodzi. Nambalazi zimauza munthu kuti nkhani ili ndi malire, ndipo amene wapeza 2/3 amadziwa kuti pali china choti akafune. Instagram ndi TikTok zimalola kukhomera mavidiyo atatu pamwamba pa tsamba lanu, choncho akhomereni onse kuti asavute kupeza. Pa YouTube Shorts mungalumikize kavidiyo ndi kanzake kudzera pa `Related video`. Kachiwiri kakangotuluka, bwererani ku koyamba mukaikeko ulalowo. Stories ndi WhatsApp Status zimazimiririka pakatha maola 24, ndiye kumeneko ikaninso kavidiyo kapitako maola ochepa katsopano kasanatuluke.

Ngati muli ndi ndalama zotsatsira, musazigawe mofanana. Zambiri zipite ku koyamba, kuti kafike kwa anthu atsopano. Mu Meta Ads Manager, chida choikira zotsatsa pa Facebook ndi Instagram, mungapange gulu la anthu amene anaonera magawo 50 kapena 75 pa 100 a vidiyo inayake, ndipo kachiwiri ndi kachitatu muziwaonetsa makamaka anthu amenewo. Imeneyi ndiyo njira yodalirika yotsimikizira kuti amene anafunsidwa funso alandira yankho, m'malo moyembekezera kuti pulogalamu iwakumbukira yokha.

Kudziwa pamene pavuta

Chiwerengero cha oonera chokha sichikuuzani zambiri. M'ziwerengero za kavidiyoko, tsegulani mzere woonetsa pamene anthu amasiyira kuonera. Ngati ukugwa kwambiri m'masekondi atatu oyambirira, vuto lili poyambira: mwina mwayamba ndi chizindikiro cha kampani, kapena chithunzi choyamba sichikumveka. Ngati ukutsika pang'onopang'ono n'kugwa kusanafike funso, kavidiyoko katalika. Dulani pakati, kapena lembani funsolo pasikirini molawirira kuti ngakhale ochoka msanga alione. Ngati anthu akufika kumapeto kwa koyamba koma kachiwiri sakubwerako, funso linali lofooka kapena tsiku silinaoneke.

Zimene anthu akulemba poyankha zimathandizanso. Akamalosera kuti "lanyowa" kapena "louma," funso lagwira. Akamafunsa kuti "Kodi chimenechi n'chiyani?" ndiye kuti mwabisa mopitirira, ndipo mudakali ndi masiku awiri okonzera chiyambi cha kachiwiri kuti chifotokoze bwino. Wina akalosera molondola, musatsimikize kapena kukana. Muuzeni tsiku ndi ola basi.

Kuti mudziwe kavidiyo kamene kabweretsa olembetsa, linki iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake:

```
https://example.com/chikwama?utm_source=instagram&utm_medium=social&utm_campaign=launch&utm_content=clip3
```

Sinthani `utm_source` malinga ndi kumene mwaika linkiyo, ndi `utm_content` malinga ndi kavidiyo. Tsamba limene linkiyo ikutsegula lionetse chikwama chomwecho, mtundu womwewo, ndi malo amodzi olembapo nambala kapena imelo. Mukapempha dzina, adiresi ndi zina zambiri, anthu amasiyira panjira.

Chomaliza choti mukonzeretu ndi zimene mudzachite katundu akachedwa. Musatulutse kavidiyo koyamba katundu asanafike m'nyumba yosungiramo ndi kuwerengedwa. Zikachitika kuti vuto labuka pakati pa sabata, tulutsanibe kachiwiri ndi kachitatu pa nthawi yake, chifukwa mayankho a mayeso munalonjeza ndipo muli nawo kale. Sinthani masekondi omaliza okha a kachitatu: tchulani tsiku latsopano limene mwatsimikiza ndi otumiza katundu, nenani poyera kuti lasintha, ndipo olembetsa muwatumizire uthenga wa kusinthako tsiku lomwelo. Pachifukwa chimenechi, sungani kavidiyo kachitatu kena kopanda mawu a tsiku ndi ola, kuti kusinthako kukutengereni mphindi zochepa osati kujambulanso.